Gemu ikupereka makobidi olakwika nthawi ya pafoni ikasintha

Chisomo B.
Moni nonse. Ndikupanga kagemu ka chigayo mu Unity, ka mtundu uja woti makobidi amangolowa okha ngakhale gemu uitseke. Chigayo choyamba chimalowetsa makobidi 50 pa mphindi, ndiye kuti 3,000 pa ola. Ndinaika malire a maola 8, moti ngakhale munthu asowe sabata yathunthu, pobwera apeza 24,000 basi. Ndagawira anzanga kuti ayese pa mafoni a Android ndipo madandaulo abwera a mitundu iwiri. Ena akuti makobidi sakugwirizana ndi nthawi yomwe anachokapo, wina mpaka anachita kuchepa. Winanso wandionetsa ndi maso anga kuti akalowa mu Settings n'kukankhira wotchi kutsogolo maola 8, akutenga 24,000 pompo, n'kubwereza mpaka kugula zigayo zonse madzulo amodzi. Khodi yake ndi iyi:

```csharp
// potseka
PlayerPrefs.SetString("lastSeen", DateTime.Now.ToString());
// potsegula
var last = DateTime.Parse(PlayerPrefs.GetString("lastSeen"));
double sec = (DateTime.Now - last).TotalSeconds;
```

Ndiyambire pati?

Lusekelo
Amene makobidi ake anachepayo ndine, ndiye ndifotokoze bwino kuti musamaganize kuti ndinagwira wotchi. Ndimakhala ku Karonga ndipo ntchito imandifikitsa ku boda ya Songwe. Ukayandikira mtsinje uja foni nthawi zina imagwira netiweki ya tsidya lina, ndipo Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ndinatseka gemu 14:00. Patapita mphindi 5 ndinatsegulanso, foni ikuonetsa 15:05, gemu n'kundipatsa 3,250 pomwe zoyenera zinali 250. Pobwerera zinatembenuka. Ndinatseka foni ikuonetsa 16:00, patatha theka la ola ndikutsegula ikuonetsa 15:30, ndipo makobidi 1,500 anachoka m'thumba langa.

Yamikani
Achimwene vuto lanu ndi foni imeneyo. Lowani mu Settings, pa Date & time, muyatse zoti nthawi izidzikonza yokha. Yanga inkachedwanso ndi mphindi zingapo, nditatero inasiya.

Lusekelo
Ayi amwene, zimenezo n'zoyatsa kale, ndipo ndi zomwezo zinasintha nthawi. Foni sinalakwe kanthu, ku Tanzania inalidi 15:05. Yalakwa ndi gemu powerenga ngati padutsa mphindi 65.

Takondwa (Leeds)
Inenso ndine mmodzi wa oyesa. Kuno ku UK amabweza wotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, 02:00 imabwerera pa 01:00. Ndinatseka gemu 23:00 Loweruka pa 25 Okutobala 2025, n'kutsegula 06:00 m'mawa wake. Maola enieni anali 8 koma ndinalandira 21,000, ya maola 7. Lamlungu lomaliza la Marichi zidzakhala mosemphana, aliyense kuno adzapata ola laulere. Kumudzi simungazione izi chifukwa Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Joni onse ali pa nthawi imodzi chaka chonse.

Kondwani
Nkhani yaing'ono iyi. Paliponse pamene mwalemba `DateTime.Now` ikanipo `DateTime.UtcNow`. UTC siyendera dziko, siyendera nyengo, ndi imodzi padziko lonse. Mukatero wa ku Songwe, wa ku Leeds ndi wokankha wotchi uja onse athera pomwepo.

Chisomo B.
Ndayesa zimenezo aKondwani. Tsopano ndikusunga `DateTime.UtcNow.ToString("o")`, powerenga ndikugwiritsabe `DateTime.Parse`, ndipo ndaika kuti zotsatira zikatsika pansi pa ziro zikhale ziro. Koma zafika poipa kuposa kale. Ndikachokapo ola limodzi sindilandira kalikonse. Ndikachokapo maola 3 ndilandira 3,000 yokha. Ndamutumizira Takondwa, iye akuti kwake zikuyenda bwinobwino.

Tiyamike
Achimwene aChisomo, maola 2 amene akusowawo si angozi, ndi kusiyana kwa nthawi ya Malawi ndi UTC. Chikuchitika ndi ichi. Mukatseka gemu 20:00 nthawi yathu, mumasunga mawu othera ndi Z, onena kuti 18:00 UTC. `DateTime.Parse` ikaona Z ija, imasandutsa nthawiyo kukhala ya dera la foni, ndiye imakubwezerani 20:00. Mukatsegula 23:00, `UtcNow` ikuti 21:00. Pochotsera `DateTime` iwiri, C# siyang'ana kuti iyi ndi ya UTC iyi ndi ya m'dera, imangochotsera manambala momwe alili: 21:00 kuchotsa 20:00, ola limodzi, makobidi 3,000. Kwa aTakondwa sizikuoneka chifukwa nyengo yozizira ino UK ili ndendende pa UTC. Marichi akadutsa nawonso ayamba kutaya ola limodzi.

Mutha kukonza poikapo `DateTimeStyles.RoundtripKind`, koma ine ndinganene kuti tsiku musalisungenso ngati mawu. Sungani masekondi:

```csharp
long now = DateTimeOffset.UtcNow.ToUnixTimeSeconds();
PlayerPrefs.SetString("wall", now.ToString());
```

Iyi ndi nambala wamba, masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970. Foni kaya ili ku Karonga kaya ku Mbeya nambala yake ndi yomweyo.

Yamikani
Nanga poti ndi nambala, bwanji osaisunga ndi `SetFloat` m'malo moisandutsanso mawu?

Tiyamike
Musayerekeze. Nambala imeneyi inadutsa kale 1.7 biliyoni, ndipo `float` ikafika kumeneko imayenda modumpha masekondi 128. Munthu atha kuchokapo mphindi imodzi gemu n'kuona ziro, kapena kuchokapo masekondi 10 n'kuona 128. `SetInt` ikwana pakali pano koma idzasefukira pa 19 Januwale 2038. Ndiye `long` yolembedwa ngati `string` ndiyo yosavuta.

Kondwani
Ndiye ndi zomwe ndinanena zija, UTC basi. Vuto linali pa kawerengedwe chabe.

Tiyamike
Pa nkhani ya aLusekelo ndi aTakondwa mwalondola aKondwani, ndipo imeneyo yatha. Koma wokankha wotchi uja UTC simugwira. `UtcNow` sichokera kumwamba kapena ku seva ina iliyonse. Foni ili ndi wotchi imodzi mkati, ndipo `Now` ndi `UtcNow` zonse zimawerenga yomweyo, kungoti ina imaonjezerapo maola a dera. Munthu akasintha zoni, wotchi ya mkatiyo sikhudzidwa, n'chifukwa chake UTC imathandiza. Akasintha ola kapena tsiku ndi dzanja, wakankha wotchi yeniyeniyo ndipo `UtcNow` imadumpha nayo. Yesani pafoni panu muone.

Kondwani
Ndayesa. Yadumphadi maola 8 onse. Chabwino, nanga `Time.realtimeSinceStartup`? Imene ija siyendera wotchi ya foni.

Tiyamike
Siyenderadi, koma imayambira pa ziro gemu ikangotsegulidwa, pomwe ife tikufuna nthawi imene gemu inali yotseka. Chofunika ndi chinthu cha mtundu womwewo koma cha foni yonse, ndipo Android ili nacho: `SystemClock.elapsedRealtime()`. Imawerenga mamilisekondi kuchokera pamene foni inayatsidwa, kuphatikizapo nthawi imene ili mtulo m'thumba. Ili ngati mita ya madzi: simakuuzani kuti lero ndi tsiku lanji, koma kusiyana kwa mawerengedwe awiri kumakuuzani zomwe zadutsa, ndipo mu Settings mulibe batani loikankhira. Musaisokoneze ndi `uptimeMillis()`, imene imaima foni ikagona tulo tofa nato. Mukatenga imeneyo, wogona usiku wonse adzalandira kachidutswa chabe.

```csharp
using (var sc = new AndroidJavaClass("android.os.SystemClock"))
{
    long up = sc.CallStatic<long>("elapsedRealtime") / 1000;
}
```

Tiyeni titenge mnzanu wokankha wotchi uja. Watseka gemu 20:00, foni ili choyaka kwa maola 5, ndiye `up` ndi 18,000. Wapita mu Settings, wakankha maola 8, wabwera patatha mphindi 10. Wotchi ya foni ikuti padutsa maola 8 ndi mphindi 10, masekondi 29,400. Koma `up` tsopano ndi 18,600, kusiyana kwake 600. Mukhulupirira 600, alandira makobidi 500, ndipo simufunika kumunena kapena kumutsekera gemu. Angopeza kuti njira ija sikubalanso kanthu.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi chimene chidzakupulumutseni pa madandaulo a mtsogolo. Nthawi iliyonse gemu ikatsegulidwa, lembani mu fayilo manambala atatu: kusiyana kwa nthawi ya m'dera, kwa UTC, ndi kwa `up`. Ya m'dera ikasiyana ndi ya UTC ndi 3,600 kapena 7,200 ndendende, ndi zoni kapena kusintha kwa nyengo kwa ku Ulaya kuja. Ya UTC ikasiyana ndi `up` ndi masekondi ochepa, ndi foni yadzikonza yokha kudzera pa netiweki, musaitenge ngati mlandu. Ikasiyana ndi maola, wotchi yakankhidwa, kaya ndi munthu kaya ndi foni imene inali itasokera.

Chisomo B.
Zikomo achemwali, apa ndiye kwayera. Koma mwati imawerenga kuchokera pamene foni inayatsidwa. Batire ikatha, kapena munthu akaizimitsa n'kuiyatsanso, ibwerera pa ziro. Ndikuganiza zongoyang'ana kuti `up` yatsopano ikachepa kuposa yosungidwa, ndiye kuti foni inazima. Zikwanira?

Tiyamike
Mbali imodzi yokha. Ikachepa, n'zoona foni inazimapo. Koma ikachuluka sizitsimikiza kuti sinazime. Tinene munthu watseka gemu patangopita mphindi 10 chiyatsireni foni, mwasunga 600. Patatha maola 5 batire yatha. Wachaja, wayatsa, ndipo watsegula gemu `up` ili pa 1,000. Inu muona 1,000 ikuposa 600, muwerenga masekondi 400, n'kumupatsa makobidi 333 munthu amene wachokapo maola oposa 5. Ameneyo sabweranso ku gemu yanu.

Kuyambira Android 7.0 foni imasunga chiwerengero cha maulendo amene yayatsidwa, `Settings.Global.BOOT_COUNT`. Sungani nambala imeneyo limodzi ndi `up`. Ikafanana potsegula, khulupirirani `up`. Ikasiyana, dziwani kuti mita yayambiranso. Ndipo zonsezi muzisunga mu `OnApplicationPause(true)` ndi `PlayerPrefs.Save()`, chifukwa pa Android gemu itha kuphedwa ili kumbuyo `OnApplicationQuit` osaitanidwa n'komwe.

Kondwani
Ndiye wakuba angophunzira kuti akankhe wotchi kenako azimitse foni n'kuiyatsanso. Tabwerera pomwe tinayambira. Ine ndikuona kuti yankho ndi seva basi. Gemu ifunse nthawi pa intaneti, kaya pa NTP kaya powerenga `Date` imene seva iliyonse imatumiza pamwamba pa yankho la HTTP. Palibe intaneti, palibe makobidi. Magemu akuluakulu ambiri amatero.

Lusekelo
Apo ndiye sindivomera achimwene. Chimene ndinaikondera gemu iyi n'choti siifuna bandulo. Anthu amene ndinawaonetsa kuno amagula deta ya tsiku limodzi pakakhala chofunika, masiku ena onse foni ili yopanda intaneti. Ndipo foni kuzima si zachilendo, magetsi akathima tsiku lonse batire imatha. Mukati wozimitsa foni aliyense ndi wokayikitsa, mwalanga anthu ambiri osalakwa chifukwa cha mmodzi amene akudzinamiza yekha pa gemu yosewera yekha.

Takondwa (Leeds)
Ndikugwirizana ndi Lusekelo. Kodi munthu akaba makobidi a m'gemu yake yomwe, walanda ndani? Palibe mpikisano, palibe ndalama zenizeni.

Chisomo B.
Pakali pano palibedi. Koma ndikufuna kudzaika mndandanda wa opambana pa sabata, komanso kanema wotsatsa malonda woti munthu akaonera alandire makobidi a maola 2 nthawi yomweyo. Ngati Settings ikupereka maola 8 aulere, palibe adzaonere kanemayo, ndipo ndi pomwe ndimayembekezera kupezapo kangachepe.

Tiyamike
Nonse muli ndi mfundo, ndipo ndinene mosabisa kuti foni ikazima n'kuyakanso popanda intaneti, palibe njira yodziwira motsimikiza kuti padutsa nthawi yaitali bwanji. Zonse zotsala ndi kusankha amene mukufuna kumukomera. Koma pali kanthu kamodzi kotsimikizika ngakhale pamenepo. Gemu inasunga foni isanazime, ndiye nthawi yeniyeni imene yadutsa singachepere `up` yatsopano. Munthu akayatsa foni 06:00 n'kutsegula gemu 12:00, maola 6 amenewo ndi ake popanda kufunsa wina aliyense, mupatseni 18,000 pomwepo. Ndipo poti malire anu ndi maola 8, aliyense amene `up` yake yadutsa 28,800 alandira zonse, wotchi musaiyang'ane n'komwe. Okayikitsa atsala okhawo amene atsegula gemu foni itangoyaka kumene.

Kwa amenewo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya aKondwani koma yofewetsa. Perekani zotsimikizika zija, zotsalazo muzionetse pa sikirini kuti zikudikira, zidzalowe foni ikadzapeza intaneti. Kuti izi zitheke, nthawi iliyonse imene mwapeza nthawi ya seva muisunge limodzi ndi `up` ya mphindi imeneyo. Kuchokera pamenepo mutha kudziwa nthawi yoona popanda intaneti mpaka foni idzazime: nthawi ya seva ija kuphatikiza zimene `up` yayenda. Mukatero, nthawi imene munasunga potseka gemu imakhala yodalirika, ndipo seva ikadzayankha mudzakhala ndi mbali zonse ziwiri zochotsera. Chenjezo lake ndi loti wotchi ikakankhidwa kutali, miyezi kapena zaka, HTTPS imakana chifukwa setifiketi imaoneka ngati yatha ntchito kapena sinayambe. Zikatero muzitenge ngati palibe intaneti, gemu isagwe.

Yachiwiri ndi kukhulupirira wotchi ya foni koma kusunga nthawi yakutsogolo kwambiri imene gemu inaionapo. Wakankha maola 8, wazimitsa, wayatsa, walandira 24,000. Akabweza wotchi pa nthawi yoona, gemu ikuona kuti ili kumbuyo kwa chizindikiro chija, ndipo foni ikadzazimanso sadzalandira za wotchi mpaka nthawi yoona idzafike pomwe anakankhira. Wangokongola za mawa. Akafuna kupitiriza ayenera kumakankhirabe kutsogolo n'kumazimitsa foni ulendo uliwonse, wotchi yake ikunka italikira, mpaka masamba a pa intaneti ayambe kumukana. Ambiri amatopa.

Madalitso
Ndakhala ndikungowerenga, koma njira yachiwiriyi indilowetse. Ndimakonza mafoni mumsika, ndipo mafoni otsika mtengo amene batire yake imachoka ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ukachotsa batire, ena amadzuka ali pa 1 Januwale wa chaka chakalekale. Mwini wake amaika tsiku ndi dzanja, ndipo kulakwitsa chaka kapena mwezi n'kosavuta. Tinene waika 2027 m'malo mwa 2026, watsegula gemu yanu, kenako mwana wake wamukonzera. Chizindikiro chanu chija chatsala chaka chathunthu kutsogolo. Ndiye kuti bambo ameneyu foni yake ikazima sadzalandira za usiku kwa chaka chonse?

Tiyamike
Funso labwino kwambiri aMadalitso, ndipo mukasiya chizindikirocho chopanda malire zidzachitikadi choncho. Ngongole isamayezedwe ndi kutalika kwa kudumpha kwa wotchi, iyezedwe ndi zomwe munthu walandira. Bambo ameneyu wotchi yadumpha chaka, koma gemu yamupatsa maola 8 okha chifukwa cha malire. Ndiye zikadziwika kuti wotchi yabwerera m'mbuyo, ngongole yake isapitirire maola 8, ndipo chizindikiro chitsitsidwe kufika pa nthawi yatsopanoyo. Foni yodzuka pa chaka chakale ndi yosavuta: wotchi ili kumbuyo, mupatseni za `up` zokha, musamuchotsere kanthu.

Kondwani
Koma mukalola chizindikiro kutsika mwatsegulanso khomo. Ndikankha, ndizimitsa, ndilandira 24,000. Ndibweza wotchi, ngongole maola 8. Ndikankhanso maola 16, ndizimitsa, ngongole yalipidwa ndi nthawi yabodza, ndalandiranso.

Tiyamike
Pokhapokha ngongoleyo izilipidwa ndi nthawi ya `up` yokha, osati ya wotchi, ndipo munthu wa ngongole asalandire za wotchi mpaka aimalize. Apo ndiye kuti pa maola 8 enieni atha kukongola kamodzi kokha. Koma wosabweza wotchi, amene akungopita kutsogolo, ameneyo njira iyi simugwira, ndipo sindikunamizani kuti ingamugwire. Pa mndandanda wa opambana palibe kuchitira mwina, mapointi ake awerengedwe ndi nthawi ya seva. Wofuna kulowa mu mpikisano alumikize intaneti, wosewera yekha asiyidwe.

Lusekelo
Chinthu chimodzi chokha aChisomo, chilichonse chimene musankhe: makobidi amene munthu ali nawo kale m'thumba asachepe. Ngongole ichotsedwe pa zobwera, osati pa zomwe waziona kale pa sikirini. Ndipo gemu inene mawu, ngakhale mzere umodzi woti nthawi ya foni yasintha ndipo yawerenga maola akutiakuti. Ku Songwe kuja chinandipweteka si 1,500 ayi, koma kuti nambala inangotsika popanda chondiuza.

Chisomo B.
Ndamva. Usiku uno ndiika masekondi a UTC, `up` ndi `BOOT_COUNT`, ndi fayilo ya manambala atatu ija, ndipo thumba silidzatsikanso. Pa foni yozima ndiyamba ndi njira yachiwiri, ya ngongole yosapitirira maola 8, chifukwa seva ndilibe pakali pano. aMadalitso, ndingakutumizireni kuti muyese pa foni yochotsa batire?

Madalitso
Tumizani. Ndili nawo awiri pano a Android 6, ndiye muganizirenso zoti `BOOT_COUNT` ija kumeneko kulibe.

Tiyamike
Pa amenewo yerekezani kusiyana kwa wotchi ndi kwa `up`. Zikafanana, kusiyana kosaposa mphindi imodzi kapena ziwiri, foni sinazime ndipo palibe wagwira wotchi. Zikasiyana simungadziwe ngati ndi kuzima kapena kukankha, ndiye muzitenge ngati yazima.

Kondwani
Kutanthauza kuti pa Android 6 wokankha wotchi safunikanso n'kuzimitsa komwe. Ine ndikanangoti gemu iyambire pa Android 7.0.

Lusekelo
Mafoni akale amenewo kuno alipo ndithu, ndipo eni ake ndi omwe aja opanda bandulo. aChisomo, musanawadule, dikirani kaye zotsatira za aMadalitso.